Ndinalonjeza anthu awiri nthawi imodzi

Linali Lolemba madzulo, pa 11, ndikulongedza zoti ndiweruke. Ndili ndi chizolowezi choyang'ana masiku onse a sabata ndisanatseke ofesi Lolemba, choncho ndinatsegula dayale yanga ya pepala n'kumapita tsamba ndi tsamba. Pa Lachinayi, pa 14, panali mzere umodzi wolembedwa ndi bolopeni yabuluu: 9 koloko mpaka 11 koloko, mayi osoka zovala, mabuku a ngongole. Ndisanatseke dayaleyo, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mlembi wa komiti ya bungwe lina limene ndimaliwerengera ndalama, wondikumbutsa za Lachinayi 9 koloko, ndipo anawonjezera kuti mamembala onse asanu ndi awiri avomera kubwera. Ndinatsegula kalendala ya m'foni ndili ndi kachiyembekezo kakuti mwina mlembiyo wasokoneza tsiku. Sanasokoneze ayi. Zinali momwemo, ndipo wolemba ndinali ine ndemwe.

Ntchito yanga ndi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi mabungwe kusunga mabuku a ndalama. Ndimagwira ndekha, ndilibe mlembi, ndiye panalibe woti ndimuloze chala. Mayi aja ndinapangana nawo masabata atatu m'mbuyomo, atakhala pampando wa mu ofesi mwanga, dayale ili patebulo. A komiti anandiimbira patapita masiku angapo ndili m'basi, chikwama chili pansi pa miyendo ya munthu wina. Ndinayang'ana m'foni, ndinaona Lachinayi lili mbee, ndinavomera. Foni sinkadziwa zimene zinali papepala, pepala silinkadziwa za m'foni. Ndipotu ngakhale zonse zikanakhala m'foni, kalendala imene ndimagwiritsa ntchito sikaniza munthu kulemba zinthu ziwiri pa ola limodzi. Imangoziika moyandikana, timabokosi tiwiri tochepa, ndipo ngati ukuyang'ana mwezi wonse osati tsiku limodzi, sungazindikire kuti zagundana.

Ganizo loyamba limene linandibwerera linali bodza. Ndinene poyera, chifukwa ndikudziwa kuti ambirife ndi kumene timayambira. Ndikanatha kuuza mayiwo kuti ndadwala, kapena kuti kunyumba kwagwa vuto, ndipo akanandipepesa iwo m'malo moti ndiwapepese ine. Chinandiletsa si kuti ndine woyera mtima. Ndinapsapo kale.

Zaka zingapo m'mbuyomo, ndikungoyamba kumene kugwira ndekha, zofananazo zinandichitikira ndi bambo ena amene ndinkawalembera mabuku. Ndinawauza kuti mwana wanga watentha thupi ndipo ndikupita naye kuchipatala. Anandimvera chisoni, tinasintha tsiku, ine n'kumadziona wochenjera. Koma bambowo anali munthu wachifundo kwambiri. Madzulo omwewo anaimba kufunsa kuti mwana wagona bwanji. Titakumana anafunsanso kuti adokotala anati ndi chiyani, ndipo ndinayenera kupeka matenda, kupekanso mankhwala ake. Patatha mwezi anakumana ndi mkazi wanga, n'kumufunsa za mwana uja. Mkazi wanga anangoti, "Mwana uti?" Bambowo sanandifunsepo za nkhaniyi mpaka lero. Anangosiya kunditumizira ntchito pang'onopang'ono, ndipo sindiwaimba mlandu. Munthu amene wakupatsa mabuku ake a ndalama, akakugwira ukunama pa nkhani ya tsiku lokumana, angakukhulupirire bwanji pa manambala amene iye sangathe kuwatsimikizira yekha? Kunyumba nakonso ndinauona mlandu wake, wodwalitsa mwana ndi pakamwa.

Ganizo lachiwiri linali looneka lanzeru kuposa loyamba: kuchita zonse ziwiri. Ndiyambe ndi mayiwo 8 koloko, ndiwathamangitse, kenako ndithamangire ku komiti n'kufika mochedwa pang'ono. Ndinatenga kapepala n'kuwerengera. Ntchito ya mayiwo inkafuna maola awiri athunthu, chifukwa tinkayenera kuyerekeza kope lawo la zogulitsa ndi malisiti a miyezi isanu ndi umodzi. Kuchoka ku ofesi kwanga kukafika kumene komiti imakumanira ndi mphindi 40 msewu ukakhala bwino. Kuyamba 8 koloko, kumaliza 10 koloko, kufika 10:40. Ndiye kuti anthu asanu ndi awiri akanakhala akundidikirira ola limodzi ndi mphindi 40. Ndikanati ndidule ya mayiwo ikhale ola limodzi, ndikanawapatsa theka la ntchito, n'kukafikabe ku komiti 9:40. Komanso kuwauza mayiwo kuti abwere 8 koloko n'kuwasuntha kale, kungoti mobisa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pakapepala paja ndinaona ndi maso kuti njira imeneyi ikanakwiyitsa mbali zonse ziwiri, pamene kupempha mmodzi kukanavutitsa mbali imodzi yokha.

Ndiye funso linatsala lakuti ndipemphe ndani. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, mwina theka la ola, ndipo ndi pamene ndimaona kuti anthu ambiri amalakwitsa posankha mwachangu.

Mwachilungamo, woyamba kupangana naye ndiye mwini wake wa nthawiyo. Mayi aja anali oyamba. Kukanakhala kuti zina zonse n'zofanana, ndikanaimbira a komiti basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma sizinali zofanana. Komitiyo inali ya anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi ntchito yake, ndipo mlembi anali atandiuza kale kuti zinamutengera masiku ambiri kuti apeze m'mawa umodzi woti onse apezeke. Awiri mwa iwo ankachokera kutali. Lipoti limene ndinkakafotokoza linkayenera kuvomerezedwa ndi komiti msonkhano waukulu wa mamembala onse usanachitike Loweruka pa 16. Kusuntha komiti kunali kugwedeza madayale asanu ndi awiri, ndipo mwina tsiku lina silikanapezeka Loweruka lisanafike. Kusuntha mayiwo kunali kugwedeza dayale imodzi.

Komabe ndinadzigwira pang'ono, chifukwa mtima wa munthu ndi wachinyengo. Bungwelo linali kasitomala wamkulu, mayiwo wamng'ono. N'zosavuta kudziuza kuti ukusankha chifukwa cha anthu asanu ndi awiri pamene zoona zake ukusankha thumba. Ndinadzifunsa kuti, zikanakhala kuti mayiwo ndiwo amandilipira zambiri, koma komiti ili ndi vuto lomweli la anthu ambiri ndi msonkhano wa Loweruka, ndikanapempha ndani? Yankho linali lomwelo, mayiwo. Apo ndiye ndinakhazikika. Mukadzifunsa funso limeneli n'kupeza kuti yankho lasintha, dziwani kuti chifukwa chimene mukufuna kupereka si chenichenicho.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinkachidziwa, ndipo chinali chachikulu: mafomu a ngongole a mayiwo ankafunika liti? Ndinkakumbukira kuti ananenapo za "mwezi uno", koma tsiku sindinalilembe. Munthu mmodzi amaoneka wosavuta kumusuntha chifukwa choti sukuona zimene zamangirira pa tsiku lake. Mwina wapempha tchuthi kuntchito, mwina wapeza womusiyira ana, mwina wabweza makasitomala ake. Choncho ndinatsimikiza kuti ndiwapemphe zenizeni, osati kuwadziwitsa chabe. Kupempha kwenikweni kumatanthauza kuti akhoza kukana, ndipo akakana, nthawiyo ndi yawo. Ndinadziuza ndisanaimbe kuti akati ayi, ndiimbira wapampando wa komiti usiku womwewo n'kumuuza zoona zomwezo.

Mlembi wa komiti sindinamuyankhe kanthu kaye. Sindinamuuze kuti "zili bwino", sindinamuuzenso kuti pali vuto. Kuimbira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kuti uone amene afewe msanga, kumabala chisokonezo china. Onse awiri akhoza kuvomera kusuntha, wasokoneza anthu asanu ndi atatu pachabe, ndipo Lachinayi m'mawa wakhala wekha mu ofesi. Umayamba ndi mmodzi, ukamva yankho lake ndiye upite kwa winayo.

Ndisanagwire foni ndinakonza masiku ena oti ndiwapatse. Mawu akuti "tidzapangananso" ndi amene amakwiyitsa anthu kuposa kusuntha kwenikweniko, chifukwa umamulanda munthu tsiku lodziwika n'kumupatsa mphepo. Wina amamva ngati wamutaya. Ndinafuna nthawi zitatu, iliyonse ya maola awiri athunthu ngati imene ndinkawalanda, ina isanafike Lachinayi, ina Lachinayi lomwelo, ina pambuyo pake. Apa ndinatsala pang'ono kubwereza uchitsiru womwe uja. Ndinaona m'dayale ya pepala kuti Lachitatu 2 koloko masana palibe kanthu, ndinalemba pakapepala. Ndiye china chake chinandiuza kuti ndiyang'anenso m'foni. Lachitatu 2:30 ndinali ndi munthu wina. Ndikanathetsa kugundana kumodzi poyambitsa kwina. Ndinaika dayale ndi foni pamodzi patebulo n'kuyang'ana tsiku lililonse mbali zonse. Zinatsala izi: Lachiwiri pa 12, 3 koloko masana, Lachinayi pa 14, 2 koloko masana, Lachisanu pa 15, 9 koloko m'mawa. Zonse zitatu ndinazilemba ndi pensulo m'dayale, ndi dzina la mayiwo, kuti wina akaimba ndisanamve yankho lawo ndisazigawenso.

Ndinaimba, sindinalembe uthenga. Nthawi inali itangopitirira 5 koloko. Uthenga ukhoza kukhala osawerengedwa mpaka mawa, ndipo pa nkhani ngati iyi tsiku lililonse lotayika limachepetsa masiku amene ungapereke. Ndikanadikira mpaka Lachitatu, mwayi wa Lachiwiri ukanakhala utapita. Chinanso, pa uthenga sumva mmene munthu wapumira. Atha kulemba kuti "chabwino" ali wokwiya, kapena ali ndi vuto limene akuchita manyazi kulilemba.

Titapatsana moni, sindinazungulire.

"Mayi, ndaimba kuti ndikupepeseni komanso ndikupempheni kanthu. Ndalakwitsa ine. Lachinayi lija 9 koloko, limene ndinapangana nanu, ndinavomeranso msonkhano wina nthawi yomweyo osayang'ana m'buku. Ndazindikira madzulo ano. Inuyo ndinu amene munayamba, ndiye nthawiyo ndi yanu. Koma msonkhano winawo ndi wa anthu asanu ndi awiri ndipo n'kovuta kuwasonkhanitsanso sabata ino. Ndimati ndikupempheni ngati mungalole kuti ife tisinthe. Ndili ndi mawa 3 koloko masana, Lachinayi lomwelo 2 koloko masana, kapena Lachisanu 9 koloko m'mawa. Ngati zonsezi sizingatheke, mundiuze, Lachinayi m'mawa likhalabe lanu."

Panali zii. Ndinamva makina osokera akulira chapatali, kenako anasiya. Chete ameneyu ndi wovuta kumupirira, ndipo pakamwa pamayabwa kuti uwonjezere zifukwa, unene za basi, za chikwama, za kuchuluka kwa ntchito. Ndinadziletsa. Zonsezo zinali zoona, koma zikanangomveka ngati ndikufuna kuti andimvere chisoni ine, pamene wovutitsidwa anali iwo.

"Achimwene, mwandisokoneza," anatero. "Lachinayi m'mawa ndinali nditauza kale mtsikana wina kuti adzandikhalire pa ntchito. Ndipo mafomu aja akufunika Lachisanu 12 koloko isanakwane."

Mtima unagunda. Lachisanu 9 koloko linafa pomwepo, chifukwa tikanamaliza 11 koloko, kutsala ola limodzi, popanda mpata wokonza chilichonse chimene tikanapeza cholakwika. Ndinawauza zomwezo, kuti Lachisanu tilichotse. Lachinayi masana nalonso sindinalikonde, ndipo ndinanena chifukwa chake: tikapeza kuti pakusowa pepala lina, adzakhala ndi m'mawa umodzi wokha wolifunira.

"Ndiye mawa?" anafunsa. "Koma mawa sindingachoke. Ndili ndi zovala zoti anthu adzatenge madzulo."

"Musachoke, mayi. Ndibwera ine. Mungondipezera pokhala ndi kathebulo, malisiti ndi kope zikhale pafupi. Inu muzigwira ntchito yanu, ndizikufunsani pamene ndafuna kufunsa."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene mkwiyo sunamuthere. "Chabwino, bwerani 3 koloko. Koma mtsikana uja ndimuuza ndekha kuti asabwere, ndipo sakondwa."

"Pepani kwambiri. Zikomo pondilola."

Foni yonse sinapitirire mphindi zisanu.

Pali mawu angapo amene ndinawasankha dala, ndipo ndi bwino ndiwafotokoze. Sindinanene kuti "kwagwa msonkhano wofunika kwambiri". Mawu amenewa anthu amawakonda chifukwa amamveka aulemu, koma womva amamva kuti zake n'zosafunika. Komanso msonkhanowo sunagwe kuchokera kumwamba, ndinauvomera ndine. Sindinanenenso kuti "pachitika kasokonezo" kapena "masiku anasokonekera", ngati kuti masiku amayenda okha usiku. Ndinati ndalakwitsa ine. Munthu akamva mwini wake akuvomera, sakhalanso ndi ntchito yofufuza wolakwa, amapita msanga pa funso la tsiku. Ndipo chifukwa chimene ndinapereka chosankhira iwo chinali chokhudza kuvuta kwa kusonkhanitsa anthu ambiri, chinthu chimene aliyense angachione kuti n'choona, osati kulemera kwa wina.

Dzina la bungwe lija sindinalitchule, ngakhale zimene tinkakakambirana. Kunena zoona sikutanthauza kukhuthula zonse. Mayiwo ankafunika kudziwa zinthu zokwanira kuti asankhe bwino: kuti cholakwa ndi changa, kuti iwo ndi oyamba, kuti n'chifukwa chiyani ndapempha iwo osati enawo. Za mabuku a anthu ena sizinali zawo, monganso a komiti sanamve kalikonse za ngongole ya mayiwo. Pali nthawi zina pamene chifukwa chenicheni ndi chachinsinsi, monga kukaonana ndi dokotala. Pamenepo ndi bwino kunena kuti "ndi nkhani yanga imene sindingaifotokoze" kusiyana ndi kupeka ina yokoma. Munthu amalemekeza chitseko chotseka. Chimene sakhululuka ndi kupeza kuti anamulozera chitseko chabodza.

Kunena kuti "Lachinayi m'mawa likhalabe lanu" kunali kuika khosi pampeni, ndikuvomera. Ena anganene kuti ndi kupusa, kuti ukamupatsa munthu mpata wokana akana. Pa zimene ndaona ine, amene wapatsidwa mpata wokana ndi amene amayesetsa kukuthandiza, ndipo amakuuza vuto lake lenileni. Ndikanangowauza kuti "tasintha, mubwere Lachisanu", mwina akanangoti chabwino mwaulemu, n'kuluza ngongole yawo, kapena n'kupita kwa wina osandiuza. Koma mawuwa musawanene ngati simukutanthauza. Mukanena kuti akhoza kukana, iye n'kukana, inu n'kuyamba kumukakamiza, mwanama kawiri.

Nditangodula foni ndinawalembera uthenga: "Mayi, monga tagwirizana, tikumana mawa Lachiwiri pa 12, 3 koloko masana mpaka 5 koloko, kuntchito kwanu. Lachinayi pa 14 lafafanizidwa. Mukonze kope la zogulitsa, malisiti ndi mafomu aja. Zikomo, pepaninso." Ndimalemba dzina la tsiku ndi deti lomwe, chifukwa "mawa" wowerengedwa m'mawa mwake amasanduka tsiku lina. Ndimatchulanso tsiku lakale kuti lafa, chifukwa ndinaonapo munthu akubwera masiku onse awiri. Atayankha kuti alandira, ndinadetsa Lachiwiri ndi bolopeni, ndinafufuta mapensulo awiri aja, ndinakonzanso m'foni. Pamenepo ndi pamene ndinayankha mlembi wa komiti kuti Lachinayi ndidzafika. Iye sanadziwe n'komwe kuti panali nkhani, ndipo panalibe chifukwa choti adziwe, poti kwa iye palibe chinasintha.

Mtengo wa kulakwa kwanga ndinaulipira usiku umenewo. Ntchito ya mayiwo ndinkati ndidzaikonzekera Lachitatu, ndiye ndinakhala mpaka usiku ndikuwerenga zimene anandisiyira ulendo woyamba. Ndikuona kuti mmenemo ndi mmene ziyenera kukhalira. Amene wasokoneza dayale ndiye anyamule katundu wolemera: ayende ndiye, agone mochedwa ndiye. Nthawi imene ukupereka ikakhala yokomera iwe wekha, monga m'bandakucha kapena usiku pamene ulibe chochita, kumeneko si kupereka njira ina, ndi kumupatsa mnzako chilango cha tchimo lako.

Lachiwiri ndinafika 2:45. Munthu amene wamusuntha kale sumuchedweranso, ngakhale ndi mphindi zisanu. Anandikonzera mpando pakona, pakati pa milu ya nsalu, malisiti ali m'kabokosi ka nsapato, ena omangidwa ndi labala, ena ongoponyedwa. Moni wawo unali wozizira ndithu. Sindinabwerezenso kupepesa kwautali, ndinangoti zikomo pondilandira n'kuyamba ntchito. Kupepesa kobwerezabwereza kumamukakamiza winayo kuti azikutonthoza, ndipo mayiwo anali ndi zovala zoti amalize.

Patatha ola limodzi ndinapeza kuti mafomu ankafuna sitetimenti ya ku banki ya miyezi isanu ndi umodzi, koma iwo anali ndi ya miyezi inayi yokha. Anapita kukaipempha Lachitatu m'mawa, ndipo anaitenga Lachinayi. Sindikunena izi kuti ndidzitame ngati kulakwa kwanga kunawathandiza. Unali mwayi chabe, ndipo zikanatha kukhala mwina. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu amene ali ndi tsiku lomalizira, pomusuntha uyambe wamupatsa nthawi ya m'mbuyo, isanafike imene munapangana. Ambirife tikamva kusintha timangoganiza zokankhira kutsogolo, pamene kutsogoloko ndi kumene kuli khoma.

Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi. Chaka chotsatira ndinagundanitsanso, mwa mtundu wina umene suoneka m'buku. Ndinalemba munthu wina 10 koloko mpaka 11 koloko, wina 11 koloko, osawerengera kuti pakati pawo pali ulendo wa theka la ola. Papepala zinali zoyera bwino, mizere iwiri yotsatizana. Nditapempha woyambayo kuti tiyambe 9:30, anakana. Anati ali ndi zake m'mawa ndipo sangasinthe. Ndinati chabwino, tikumana mmene tinapanganira, ndipo sindinawonjezere mawu. Ndinaimbira wachiwiriyo, ndinamuuza kuti ndinaiwala kuwerengera ulendo, kuti 11 koloko sindingafike, ndipo ndinamupatsa 11:45 tsiku lomwelo kapena 8 koloko tsiku lotsatira. Anadandaula, anatenga 11:45. Sanakondwe, koma sanandidikirire pakhomo osadziwa kumene ndili. Kuyambira pamenepo ulendo ndimaulemba m'dayale ngati munthu, ndi mzere wakewake.

Dayale ya pepala sindinaitaye, ndimaikonda, koma ndinaitsitsa udindo. Tsopano mapangano onse amalowa m'foni, chifukwa ndi imene imakhala m'thumba nthawi zonse, ndipo papepala pamangokhala zolemba za ntchito. Wina akandiimbira ndili pamsewu, sindivomera pomwepo. Ndimati, "Ndikuyankhani ikamakwana 5 koloko, ndiyang'ane kaye." Poyamba ndinkaopa kuti azindiona wonyada. Palibe amene anadandaulapo. Ndimayang'ananso tsiku lenilenilo, ola ndi ola, osati mwezi wonse. Ndipo kuyang'ana sabata yonse Lolemba kuja sindinasiye, chifukwa n'kumene kunandipatsa masiku atatu okonzera zinthu. Ndikanazindikira Lachinayi 8 koloko m'mawa, panalibenso zopempha, kukanangokhala kupepesa munthu ali kale panjira.

Msonkhano wa komiti unachitika Lachinayi, unatha cha m'ma 11:30, lipoti linavomerezedwa. Mayi aja anapereka mafomu awo Lachisanu m'mawa. Anakhala miyezi iwiri osandiimbira, ndipo ndinayamba kuganiza kuti nawonso ndawataya ngati bambo aja. Kenako tsiku lina foni inalira. Ankafuna kuti ndidzawathandize kuyamba kope latsopano la chaka. Tinagwirizana Lachitatu 10 koloko. Ndisanadule anati, "Dikirani kaye achimwene. Mwalemba?"

Ndinati ndalemba.

"M'buku liti?"

"M'foni, mayi. Buku ndi limodzi tsopano."

"Werengani ndimve."

Ndinawawerengera tsiku, deti ndi nthawi, ndipo anadula.